Kalata yopemphera thandizo la maphunziro

Mtsikana wa ku Mchinji wasankhidwa kukaphunzira ulimi ku Bunda. Kwawo palibe anafikako ku yunivesite. M'kalata yake yoyamba analemba za umphawi wokhawokha, koma komiti yowerenga makalatawo yaona kale mazana otere.

Aphunzitsi ake anamuuza kuti, "Iwe, lemba zimene unachita, osati zimene zinakugwera."

Ndiye analemba momwe ankagulitsira mandasi Loweruka kuti alipire mayeso a MSCE, ndi momwe mbozi zinathera chimanga cha amayi ake, iye n'kuyamba kufunsa alangizi chifukwa chake. Funso limenelo ndilo likumutengera ku Bunda. Pomaliza anatchula fizi, malo ogona ndi chakudya, chilichonse ndi mtengo wake.