Kalata yomwe imatsegulira dokotala khomo la ukatswiri

Dokotala akamaliza maphunziro ake oyamba n'kugwirako ntchito, imafika nthawi yosankha nthambi imodzi yoti azame nayo: matenda a ana, uchembere, maopaleshoni, matenda a akuluakulu kapena ina. Malo a maphunziro otere ndi ochepa, ndipo amene amawafuna onse ndi madokotala, onse anakhoza mayeso. Ndiye osankha amawasiyanitsa bwanji? Chimodzi mwa zimene amadalira ndi kalata yochokera kwa dokotala wamkulu amene anagwira naye ntchito wopemphayo.

M'Malawi muno, sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Womaliza kumeneko sayamba wadziimira payekha. Amagwira kaye ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18, m'zipatala zikuluzikulu monga cha Gulupu ku Blantyre ndi cha Kamuzu ku Lilongwe, kenaka bungwe la Medical Council of Malawi limamulembetsa ngati dokotala wokwanira. Wofuna ukatswiri amapempha malo pa digiri ya MMed, yomwe imatenga zaka zinayi, kapena ngati mtima wake uli pa maopaleshoni, angathe kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni a m'maiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Ena amapempha malo kunja. Konseku amafuna kumva mawu a munthu amene anamuona wopemphayo ali pantchito.

Vuto ndi lakuti makalata ambiri amafanana. Aliyense ndi "wolimbikira", "waulemu", "wosunga nthawi" ndi "wogwirizana ndi anzake". Mawu amenewa si onama, koma wosankha akawerenga makalata makumi awiri onena zomwezo, palibe chomwe waphunzira. Kalata yabwino ili ngati mboni m'bwalo la milandu: woweruza safuna kumva kuti woimbidwa mlandu ndi munthu wabwino, amafuna kumva zimene mboniyo inaona ndi maso ake, tsiku liti, malo ati.

Mboni iyambe yadzidziwitsa

Ndime yoyamba ya kalata imayankha funso limodzi: wolembayu akumudziwa bwanji munthuyu? Apa dokotala wamkulu amatchula udindo wake, chipatala ndi wodi imene anagwirira limodzi, kuyambira mwezi uti kufika mwezi uti, ndiponso kuti ankakumana kangati. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mkulu wa chipatala amene ankangomuona pamsonkhano wa mmawa ndi katswiri amene ankazungulira naye m'wodi kawiri pa sabata, n'kumaima naye ku fiyeta usiku. Dzina lotchuka limakopa, koma kalata ya munthu wotchuka amene sakumudziwa wopemphayo imaonekera msanga, chifukwa imasowa nkhani yoti inene.

Ndimeyi iyeneranso kutchula maphunziro enieni amene akupemphedwa. Kalata yoti "kwa aliyense amene zikumukhudza" imasonyeza kuti inalembedwa kamodzi n'kumangosindikizidwanso.

Nkhani imodzi yofotokozedwa bwino

Makalatawa amalembedwa m'Chingerezi, koma tiyeni tione chitsanzo chongopeka m'Chichewa. Dokotala wachitsikana akupempha malo a ukatswiri wa uchembere. Wolemba woyamba akuti:

"Dokotala ameneyu ndi wanzeru, sachita mantha pa nthawi ya ngozi, ndipo amawasamalira bwino odwala."

Wolemba wachiwiri akuti:

"Usiku wina m'mwezi wake wachinayi m'wodi yathu, mayi amene anali atangobereka anayamba kutaya magazi ambiri. Dokotalayu ndiye anali pafupi. Anasisita chiberekero, anapereka okisitosini, anaika madiripi awiri, anatumiza magazi kuti akayezedwe gulu lake, ndipo anandiimbira foni mphindi khumi zisanathe. Nditafika ndinapeza ataperekanso tiranekizamiki asidi. Ataona kuti chiberekero chalimba koma magazi sakusiya, anaganiza kuti pali pena pamene pang'ambika, ndipo anali atadziwitsa kale a ku fiyeta. Tinapezadi khomo la chiberekero litang'ambika. Anasoka yekha, ine nditaima pambali. Mmawa anafotokozera mayiyo ndi womudikirira zimene zinachitika, m'mawu amene iwo anamva."

Wosankha amene ndi katswiri wa uchembere amawerenga zambiri m'mizere imeneyi. Amadziwa kuti mayi akataya magazi okwana mamililita 500 kapena kuposerapo atabereka, ndiye kuti zinthu zafika poopsa, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chiberekero cholephera kulimba. N'chifukwa chake kusisita ndi okisitosini zimayambirira. Amadziwanso kuti tiranekizamiki asidi amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe mayi atabereka. Choncho kalatayo yamuuza kuti dokotalayu amadziwa ndondomeko yake. Yamuuzanso chinthu chovuta kuphunzitsa: pamene chithandizo choyamba sichinathetse vuto, sanangobwereza zomwezo, koma anafunafuna chifukwa china.

Koma mzere wolemera kwambiri ndi wa foni. Osankha amaopa dokotala wamng'ono amene sadziwa polekezera mphamvu zake, amene amalimbana yekha ndi vuto mpaka wodwala atafooka, kuopa kudzutsa bwana wake. Kunena kuti anaitana thandizo msanga si kumuchepetsa ayi, ndi kumuyamikira kumene akatswiri amakumvetsa.

Nkhani ziwiri kapena zitatu zotere n'zokwanira, ndipo zisafanane. Ina ingaonetse luso la manja, ina kaganizidwe, ina mmene amakhalira ndi azamba, anamwino ndi ophunzira. Zonse zigwirizane ndi nthambi imene akupempha. Wofuna ukatswiri wa matenda a ana amathandizidwa ndi nkhani ya mmene anazindikirira mwana amene shuga wake watsika chifukwa cha malungo aakulu, osati ya fupa limene analumikiza.

Manambala akhale ndi tanthauzo

Olemba ena amakonda kunena kuti dokotalayu "wachita maopaleshoni ambiri". Ambiri ndi angati? Ndipo iye ankachitapo chiyani? Pa opaleshoni iliyonse dokotala wamng'ono angakhale akungoonerera, akuthandizira, akuchita yekha wamkulu ali pompo, kapena akuchita yekha wamkulu ali kutali koma wopezeka akafunika. Izi ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo madokotala ophunzira maopaleshoni amazilemba m'buku lawo la ntchito.

M'chitsanzo chathu chija, wolemba wabwino anganene kuti: "Malinga ndi buku lake, lomwe ndaliona, pa miyezi isanu ndi umodzi anathandizira pa maopaleshoni 25 otulutsa mwana, anachita 18 wamkulu ali pompo, ndipo 10 omaliza anachita yekha." Manambalawa akusonyeza kukula kwake, ndiponso kuti akuluakulu ake anafika pomukhulupirira. Mawu oti "lomwe ndaliona" nawonso ndi ofunika, chifukwa akuuza wowerenga kumene manambalawo achokera. Zimene wolemba wangomva kwa anthu ena azitchule kuti ndi zakumva: "Mkulu wa azamba m'wodi yathu anandiuza kuti..."

Pomaliza osankha amafuna kudziwa pamene wopemphayo waima pakati pa anzake. Kunena kuti "ali m'gulu la atatu amene ndingawaike patsogolo mwa madokotala ang'onoang'ono 30 amene ndawayang'anira" kuli ndi phindu, bola zikhale zoona. Wolemba amene chaka chilichonse amanena kuti wophunzira wake ndi woposa onse, osankha amamuzindikira, ndipo makalata ake amapepuka.

Nanga zofooka?

Kalata yopanda chilema chilichonse imakayikitsa, pakuti dokotala wa zaka ziwiri pantchito sangakhale atadziwa zonse. Chofooka chenicheni chingatchulidwe pamodzi ndi zimene mwini wake anachitapo. Mwachitsanzo: "Poyamba zolemba zake m'mafailo a odwala zinali zoperewera. Titakambirana anasintha, ndipo pofika mwezi wachitatu wolandira ntchito kwa iye sankafunikanso kumufunsa." Apa wosankha waona munthu wophunzitsika, ndipo pa maphunziro a zaka zinayi chimenecho n'chofunika koposa.

Pali zofooka zina zimene sizingakometsedwe. Ngati dokotala ankathawa ntchito ya usiku, ankalemba zabodza m'mafailo kapena ankaika moyo wa odwala pachiswe, wamkulu wake sayenera kulemba kalata yobisa zimenezo. Chilungamo chake n'kumuuza maso ndi maso kuti sangathe kumulembera kalata yomuvomereza. Ndipo ngati fomu ya osankha yafunsa mwachindunji za khalidwe lotere, yankho liyenera kukhala loona. Amene adzavutike ndi kalata yabodza ndi odwala a mtsogolo.

Palinso zimene siziyenera kulowa n'komwe. Dzina la wodwala, mudzi wake kapena tsiku lenileni limene lingamuulule zisalembedwe; m'chitsanzo chija mwangotchulidwa "mayi amene anali atangobereka". Chipembedzo cha wopemphayo, mtundu wake, banja lake kapena matenda ake si nkhani ya kalatayi.

Wolemba adziyang'anenso pa kukondera kosadziwa. Mu 2003, ofufuza awiri, Frances Trix ndi Carolyn Psenka, anasindikiza zimene anapeza atasanthula makalata oposa 300 olembera anthu amene analembedwa ntchito pa sukulu ina ya madokotala ku America. Makalata olembera akazi ankakhala aafupi, okhala ndi mawu okayikitsa ochulukirapo, ndipo ankatsindika kwambiri za kulimbikira, pamene a amuna ankatchula kwambiri za kafukufuku ndi zimene akwanitsa. Njira yodziyesera ndi yosavuta: wolemba awerengenso kalata yake n'kudzifunsa ngati akanalemba mawu omwewo wopemphayo akanakhala mwamuna. Nkhani yeniyeni ya m'wodi imachepetsa vutoli, chifukwa imanena zimene munthu anachita.

Gawo la wopemphayo

Kalata yabwino imayamba kukonzedwa kalekale isanapemphedwe. Katswiri amene amaona odwala ambirimbiri pa sabata sangakumbukire usiku uliwonse. Dokotala wamng'ono azilemba ntchito yake tsiku lomwelo, wamkulu n'kusainira. Popempha kalata apereke nthawi ya masabata angapo, ndipo apereke mbiri yake ya maphunziro ndi ntchito, zofunika za malo amene akupempha, tsiku lotsekera, ndi mndandanda waufupi wa odwala amene anawathandizira limodzi, wopanda mayina. Afunse momveka kuti: "Adokotala, kodi mukuona kuti mukundidziwa mokwanira kuti mundilembere kalata yamphamvu?" Funso limeneli limapatsa wamkuluyo mpata wokana mwaulemu, ndipo kukanidwa kuli bwino kusiyana ndi kulandira kalata yozizira.

Chizolowezi chouza wopemphayo kuti "lemba wekha, ine ndingosaina" chimaononga zonsezi. Kukumbutsa wamkulu zimene zinachitika n'kololedwa, koma chigamulo chiyenera kukhala cha amene wasainayo, chifukwa osankha angamuimbire foni kuti afotokoze zambiri. Masukulu ena amafuna kuti kalata ichoke kwa wolemba n'kupita kwa iwo osadzera m'manja mwa wopempha, ndipo ena amapereka fomu ya mafunso m'malo mwa kalata, choncho malangizo awo awerengedwe kaye.

Kwa inu madokotala akuluakulu, tsamba limodzi kapena awiri n'lokwanira, la pa pepala la chipatala, losainidwa, lokhala ndi tsiku ndi njira yokupezerani. Musanasaine, fufutani m'maganizo dzina la wopemphayo n'kuikapo la mnzake wina aliyense. Ngati kalatayo ikumukwanabe mnzakeyo, simunalembe kanthu. Bwererani m'wodi m'maganizo mwanu, mukatenge zimene munaona.