Kubwezera tsitsi pa chithunzi popanda kumuveka munthu chipewa

Mkwati wina anabwerera ku situdiyo zithunzi zake za ukwati zili m'manja, nkhope ili gwaa. Iye anangopempha kuti amubisireko pang'ono dazi lomwe layamba kudya m'makona a mphumi, koma mnyamata wa pakompyuta anapaka chikuda chokhachokha n'kulemba mzere wowongoka ngati wa lula. Azakhali ake ataona anafunsa ngati pa tsikulo anavala kachipewa kosambira nako.

Cholakwika chinayambira pa mzerewo. Yang'anitsitsani mphumi ya munthu amene tsitsi lake ndi lokwanira, muona kuti silimayamba mwadzidzidzi. Kutsogolo kwenikweni kumakhala titsitsi topyapyala, tapatalipatali, khungu likuonekera pakati, kenako n'kumachulukana mukamalowa m'kati. Ngakhale wometa atadula mzere ndi lezala, kuseri kwa mzerewo khungu limasuzumirabe. Komanso amuna ambiri akakula makona a mphumi amalowako m'kati, choncho bambo wa zaka 40 wokhala ndi mphumi ya mwana wa sitandade 5 amadabwitsa aliyense.

Tiyeni tibwereze ntchito ya mkwati uja mu Photoshop. Tsitsi lake ndi lalifupi, lometedwa ndi makina, ndipo kuwala kukuchokera kumanzere. Tisanaike tsitsi ndi limodzi lomwe tiyambe ndi khungu, chifukwa pamene pali dazi pamanyezimira, makamaka munthu akachita thukuta, pomwe khungu la pansi pa tsitsi limakhala mu mthunzi. Tsitsi loikidwa pamwamba pa kunyezimirako limaoneka ngati likuyandama. Ndiye timatsegula Curves, kutsitsa kuwala pang'ono, kudetsa masiki yake yonse, kenako n'kupaka zoyera ndi bulashi yofewa, Flow ili pa 5, pamalo pokhapo pomwe tsitsi likubwera. Nthawi zina zikangotere theka la vuto latha kale.

Tsitsi lenilenilo sitijambula ndi dzanja. Timabwereka pamutu pa mwiniwake ndi Clone Stamp, pa leya yatsopano yopanda kanthu, Sample ili pa Current & Below kuti chithunzi choyambirira chisakhudzidwe. Pobwereka pake ndi pomwe pagona nkhani. Mukatenga tsitsi la kumbali ya mthunzi n'kuliika kumbali yowala, limakhala ngati chigamba cha nsalu ina. Mukatenga la chapakati pamutu, pomwe kamera ikuliona chammbali ndipo likuoneka lothinana, kona idzada kuposa malo oizungulira. Tengani pafupi, mbali yomweyo, pamene tsitsi layamba kale kupyapyala.

Tsitsi lilinso ndi kolowera kwake, ngakhale lathu lopotanali. Pamwamba pa mphumi limaloza kutsogolo, likafika m'makona limayamba kukhotera m'mbali, ndipo chakutsogolo kwa khutu limagonera pansi. Pamutu wopesedwa ndi bulashi mizere yake imaoneka bwinobwino. Mu Clone Source muli kabokosi kotembenuzira chomwe mwabwerekacho, ndipo madigiri 10 kapena 20 amakwanira kuti chigwirizane ndi tsitsi loyandikana nalo. Healing Brush musaikhulupirire pamenepa. Imasakaniza kuda kwa tsitsi ndi mtundu wa khungu n'kusiya chinthu chonga mwaye.

Musakhulukhute bulashi ngati mukupenta khoma. Dinani pang'onopang'ono, ndipo mukadina katatu kapena kanayi gwirani Alt musankhe pena pobwereka. Mukapanda kutero kampotoka kamodzi kamabwerezedwa mondondozana, ndipo maso a munthu sachedwa kugwira zimenezi ngakhale mwini masoyo sangafotokoze chomwe chalakwika. Kumapeto timadya m'mphepete ndi masiki kuti mzere ukhale wokumbikakumbika, n'kusiya titsitsi tochepa tasochera patsogolo pake. Ine ndimatsitsanso Opacity ya leya yonse kufika cha m'ma 70, kuti khungu la mwini wake lizionekera. Makona awiriwo asafanane ndendende ngati mapasa, chifukwa pamutu pa munthu safanana.

Poyesa ntchito, kulitsani chithunzi kufika pa 100% muone ngati tsitsi latsopano likuthwa mofanana ndi lakale. Kenako chichepetseni chikhale ngati cha pa foni, pomwe chigamba chakuda chimadziulula chokha. Muzimitse ndi kuyatsa leya ija: ngati munthu akusintha nkhope, mwapyola malire.

Malirewo kwa ine ndi mulifupi mwa chala chimodzi pamutu weniweni. Kupitirira apo mphumi imafupika ndipo abale amayamba kufunsa mafunso. Kumbukiraninso kuti ukwati sukhala ndi chithunzi chimodzi. Mukakonza chachikulu chapakhoma, mkwati yemweyo ali m'zithunzi zina makumi angapo ndi mu vidiyo, dazi lili poyera. Musanagwire mbewa, mufunseni mwini mutu ngati akufuna zonse kapena chimodzi chokha, ndipo mumuuziretu mtengo wake.