Kompyuta yopanda polowetsa fulashi: kuika Debian kudzera pa chingwe

Makompyuta ena akale amafika polowetsa fulashi patafa kapena patatsekedwa dala, poika sidi palibenso. Musawataye msanga. Ngati kumbuyo kuli pobayira chingwe cha netiweki, khadi la netiwekilo nthawi zambiri limakhala ndi kapulogalamu kakekake kotchedwa PXE, njira yomwe kampani ya Intel inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1990. Kamadzuka kompyuta isanawerenge chilichonse pa hadi disiki.

Kakadzuka kamafuula pa netiweki kupempha zinthu ziwiri: adiresi, ndi dzina la fayilo yoyambira limodzi ndi komwe ili. Pempholi limayankhidwa ndi DHCP, ndipo fayiloyo imabwera kudzera pa TFTP.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Rauta ya mu ofesi imagawa kale maadiresi, koma za fayilo yoyambira sidziwa kanthu. Wina akadzutsa seva yachiwiri yogawa maadiresi, ziwirizo zimalimbirana, mpaka anzanu a chipinda china intaneti kuwathera. Njira yaulemu ndi kuisiya rauta igwire ntchito yake, inu n'kungowonjezera chosowacho. Pa laputopu ya Linux yolumikizidwa ndi chingwe, ikani dnsmasq, tsitsani `netboot.tar.gz` ya Debian, muimasulire mu `/srv/tftp`, kenako lembani izi:

```
port=0
dhcp-range=192.168.1.0,proxy
enable-tftp
tftp-root=/srv/tftp
pxe-service=x86PC,"Debian",pxelinux
```

Liwu loti `proxy` ndi lomwe likuletsa laputopu kugawa maadiresi. Manambalawo asinthe malinga ndi netiweki yanu.

Tsopano yatsani kompyuta ija, mulowe mu BIOS n'kutsegula kuyambira pa netiweki. Pa makina ambiri F12 imabweretsa mndandanda wosankhapo. Zikayenda, fayilo ya `pxelinux.0` imafika, chithunzi cha Debian n'kuonekera. Zotsalazo zimatsitsidwa pa intaneti, choncho bandulo ikhale yokwanira, makamaka ngati makompyutawo ndi ambiri.

Zikakanika, werengani sikirini musanagwire china chilichonse, chifukwa imanena pomwe ulendo wathera. `PXE-E61` akuti chingwe: chazuka, chaduka, kapena swichi yazima. `PXE-E51` akuti palibe wayankha pempho la adiresi. `PXE-E53` akuti adiresi yabwera koma dzina la fayilo ayi, ndiye yang'anani dnsmasq. `PXE-E32` ndi yopweteketsa mutu: zonse zaoneka bwino koma fayilo sikufika, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi fayawolo ya laputopu yomwe yatseka khomo 69 la UDP.

Mizere ili pamwambayi ndi ya makina a BIOS yakale. Kompyuta ya UEFI siidziwa `pxelinux.0`. Imafuna fayilo yothera ndi `.efi`, monga `bootnetx64.efi` yomwe ili mu phukusi lomwelo la Debian, ndipo dnsmasq iyenera kuuzidwa padera. Za wayifayi iwalani: PXE ya makina akalewa imafuna chingwe basi.