"Zingati?" Kenako Zii

Chithunzi cha chitenje chikangokwera pa Status, foni imayamba kulira. "Zingati?" Wogulitsa ayankha mtengo, timizere tiwiri tija tisanduka tabuluu, kenako zii. Aliyense wochita geni pa WhatsApp kapena pa Facebook amaudziwa ululu umenewu, ndipo ambiri amangoti wofunsayo anali wongocheza.

Nthawi zambiri si choncho. Wina bando yamuthera, wina akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, wina akufuna ayambe wafunsa kunyumba. Status nayo imafufutika pakatha maola 24, ndiye katundu uja amachoka m'maso ndi m'maganizo momwe. Ndalama imatayika pamenepa, chifukwa wogulitsa akudikira wogula pomwe wogulayo waiwala.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Lolemba m'mawa munthu wa ku Zomba wafunsa mtengo. Mayiyu akangolemba kuti "K15,000", macheza athera pomwepo, popeza palibenso choti winayo ayankhe. Yankho logwira mtima limanena mtengo, kalipiridwe ndi katumizidwe, n'kuthera pa funso lopepuka: "Ndi K15,000 mayi, mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Chilipo chofiira ndi chobiriwira, inu mwakonda chiti? Nanga muli dera liti?" Munthu akatchula mtundu ndi dera, wayamba kale kudziona atachivala.

Yankho lotere si lofunika kulilemba mwatsopano tsiku lililonse. Mu WhatsApp Business, yomwe inayamba mu 2018, muli Quick replies, posungira mayankho okonzeratu. Wogulitsa amangolemba chizindikiro cha / mayankhowo n'kutulukira. Chofunika n'kuwonjezapo dzina la munthuyo ndi katundu amene wafunsa, kuti asamve ngati akulankhula ndi makina.

Wa ku Zomba uja wati chofiira, n'kukhalanso chete. Apa mpamene kope limagwira ntchito. Madzulo, mphika uli pamoto, mayiyu amapatula mphindi khumi n'kulemba aliyense wofunsa tsikulo: dzina, chimene akufuna, dera, ndi tsiku lomukumbutsa. Okonda foni amagwiritsa ntchito zizindikiro zamitundumitundu zoika pa macheza, monga "New customer" ndi "Pending payment". Kope la sukulu limakwaniranso, ndipo ubwino wake silithima magetsi akazima. Popanda kulemba, uthenga wa Lolemba umakwiririka pansi pa magulu a mpingo, a banja ndi a banki m'khonde.

Lachiwiri mayiyu atumiza chikumbutso choyamba. "Muli bwanji?" yekha sathandiza, ndipo "Mwaganiza bwanji?" amamveka ngati wolonjerera ngongole. Chikumbutso chizibwera ndi kanthu katsopano: kanema wamfupi wa chitenje chofiira chija chitatambasulidwa padzuwa, ndi mawu akuti, "Mayi, nachi chija munakonda. Katundu wa ku Zomba ndimatumiza Lachinayi, ndikusungireni?"

Mwina yankho libwera lakuti, "Ndalama zavuta, pokhapokha mwezi ukatha." Kumeneko si kukana, ndi tsiku. Mayiyu afunse kuti pa dzana liti la mwezi akumbutse, alilembe m'kope, asasowetsenso munthuyo mtendere kufikira litakwana. Akafuna kusungiridwa, apereke kachikole, chifukwa chitenje chosungidwa ndi pakamwa chimabweza ogula ena.

Timizere timathandiza kudziwa chochita. Kamodzi kakutanthauza kuti uthenga sunafike pa foni, choncho kuwonjezera mauthenga ena n'kungounjika. Tiwiri totuwa, wafika, ngakhale ena amazimitsa zoonetsa kuti awerenga. Tabuluu kawiri konse popanda yankho, pafunika uthenga umodzi wotsiriza pakatha sabata, wotsanzika mwaulemu: "Chikadalipo, mukachifuna mundiuze." Kupitirira apo n'kuvutitsa munthu, ndipo mapeto ake amatseka nambala. Bodza lakuti "chatsala chimodzi" nalo silichedwa kuululika, wogula akaona mulu wonse pa Status m'mawa mwake.

Ena amathamangira kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambirimbiri kudzera pa Broadcast, osadziwa kuti umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo. Wofunsa kamodzi kawirikawiri sanaisunge.

Mwezi watha, mayiyu wakumbutsa, ndipo wa ku Zomba watumiza chithunzi cha malipiro. Chithunzi si ndalama, akathyali amachipanga mosavuta. Mayiyu ayambe waona mu akaunti yake ngati K15,000 yalowadi, kenako akulunge chitenje, ajambule phukusi ndi lisiti ya otumiza katundu, n'kumutumizira. Phukusi likafika amafunsa ngati chakomera mwini wake, ndipo dzina lija amalisamutsira patsamba lina la kope, la anthu oyamba kuuzidwa katundu watsopano akabwera.