Mtengo wa chakudya cha paukwati umachokera pa nambala ya alendo

Komiti ya ukwati ikalandira koteshoni kuchokera kwa ophika, maso amathamangira pa nambala ya pansi. Ena amaigawa ndi chiwerengero cha alendo, n'kunena kuti mbale imodzi ndi ndalama zakutizakuti. Kuwerengera kotereku kumadzetsa mkangano tsiku lomwe komiti yaganiza zochepetsa alendo, chifukwa mtengo sutsika monga iwo amayembekezera. N'chifukwa chake wophika wodziwa ntchito amaphatikiza kalata pa koteshoni, yofotokoza momwe ndalamazo zachokera.

Tiyerekeze kuti ukwati uli ku Lilongwe, alendo ndi 200, ndipo mitengo ili m'munsiyi ndi yongoperekera chitsanzo. Kalata ya mayi wophika ingayambe motere: "Bambo wapampando, mwandiuza kuti alendo ndi 200. Munthu mmodzi ndamuwerengera magalamu 100 a mpunga wosaphika, choncho ndigula makilogalamu 20 a Kilombero. Nkhuku imodzi ndimaidula nthuli 8, ndiye kuti pakufunika nkhuku 25 kuti aliyense apate nthuli. Nyama ya ng'ombe ndi makilogalamu 20. Tikaphatikiza mafuta ophikira, kabichi, tomato, anyezi, chakumwa ndi phindu langa, munthu mmodzi akukwana K9,000, onse pamodzi K1,800,000."

Gawo ili ndi losavuta, poti limakwera ndi kutsika limodzi ndi alendo. Koma muli ndalama zina zomwe siziyendera mutu wa munthu. Galimoto yonyamula mapoto imamwa mafuta omwewo kaya alendo ndi 200 kapena 150. Ophika akuluakulu adzalawirirabe m'bandakucha, ndipo mbaula, gasi ndi ziwiya zosungira chakudya kuti chisazizire zidzafunikabe. Mayiyu zonsezi waziika pa K440,000. Kenako pali operekera chakudya, omwe amawawerengera mmodzi pa alendo 25 aliwonse. Pa alendo 200 akufunika 8, ndipo pa K20,000 aliyense ndi K160,000. Koteshoni yonse ikukwana K2,400,000, yomwe komiti ikaigawa ipeza K12,000 pa munthu.

Tsono nayi nkhani. Zopereka za abale zavuta, komiti yadula alendo kufika pa 150. Msungichuma wachulukitsa 150 ndi K12,000 ndipo akuyembekezera K1,800,000. Wophika akuyankha kuti ndi K1,910,000: chakudya chatsika kufika pa K1,350,000, operekera ndi 6 pa K120,000, koma K440,000 ija sinasunthe. Kusiyana kwa K110,000 kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti anthu azinena kuti wophika ndi wakuba, pamene mayiyu sanaonjezere ngakhale tambala. Kalata ikalekanitsa zigawo zitatuzi kuyambira pachiyambi, msungichuma amatha kudziwerengera yekha asanaimbe foni ali wolusa.

Kuonjezera alendo nako kuli ndi podumphira. Alendo 10 okha pamwamba pa 200 akutanthauza woperekera wachisanu ndi chinayi, motero mtengo ukwera ndi K110,000 osati K90,000.

Chovuta kwambiri kwathu kuno ndi nambala yeniyeniyo. Khadi limati anthu awiri, koma azakhali amafika ndi adzukulu atatu, ndipo palibe angawabweze pakhomo. Oimba, ojambula zithunzi, madalaivala ndi a komiti omwe ankathamanga tsiku lonse nawonso amadya, chonsecho kawirikawiri sali pa mndandanda. Ophika ambiri amaphika choonjezera pang'ono, koma kalata iyenera kunena kuti ndi mbale zingati komanso alipire ndani. Ine ndimaona kuti ndi bwino zilembedwe poyera chonchi: "Ndiphika mbale 20 zapadera pa mtengo wa K9,000 iliyonse. Zikapitirira apo sindingathe, chifukwa nkhuku ndimagula kutatsala masiku awiri." Koteshoni yosatchula zimenezi muziikayikira. Chizindikiro cha vutoli chimaoneka pa mzere wolandirira chakudya, pomwe oyamba amalandira nthuli yathunthu koma otsiriza amangopeza mpunga ndi msuzi.

Kalata itchulenso masiku awiri. Loyamba ndi tsiku lotsiriza kusintha nambala ya alendo, mwina kutatsala sabata imodzi, popeza zinthu zikagulidwa ndalama sizibwerera ngakhale alendo atabwera ochepa. Lachiwiri ndi tsiku lomwe mtengowo uthere mphamvu. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ophikira ndi zina idasintha m'masiku ochepa, ndipo koteshoni yolembedwa miyezi itatu ukwati usanachitike sikanakwanitsanso kugula zomwezo. Komiti yofuna kuti mtengo usasinthe ilipire chikole msanga, kuti wophika agulireko mpunga ndi mafuta zomwe sizionongeka, nyama ndi masamba zidikire sabata yaukwati.