Chithunzi chasowa, fomula ikukanabe: mmene mungalongosolere tebulo lanu m'mawu

"Fomula yanga ikukana, taonani pachithunzipo." Anthu ambiri akamapempha thandizo pa Excel kapena Google Sheets amalemba zomwezi basi, n'kutumiza chithunzi cha sikirini. Tsoka lake, chithunzi sichichedwa kusowa. Foni ikadzaza, mwini wake amafufuta zithunzi kuti apeze malo. Uthenga ukapatsiridwa kwa munthu wachitatu, nthawi zina mawu amafika koma chithunzi n'kutsala. Pena chimafika ndithu, koma chojambulidwa ndi foni pagalasi la kompyuta, chosaoneka bwino, zilembo za pamwamba ndi manambala a m'mbali zitadulidwa. Wofuna kuthandiza amangotsala ndi mawu akuti "ikukana", ndipo pamenepo alibe poyambira.

Ine ndimaona kuti ngakhale chithunzicho chikanafika bwinobwino, sichikanakwanira. Chithunzi chimaonetsa zimene fomula yatulutsa, pamene vuto limakhala m'zimene zinalembedwa mkati mwa kabokosi, zomwe diso silingaone pachithunzi. Munthu amene walongosola tebulo lake m'mawu amathandizidwa msanga kuposa amene watumiza zithunzi zisanu.

Tiyambe ndi mayina a malo. Pamwamba pa tsamba pali zilembo A, B, C mpaka Z, kenako AA, AB ndi zina zotsatira. Chilembo chilichonse ndi dzina la kolamu, yomwe imatsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Kumanzere kuli manambala 1, 2, 3, ndipo nambala iliyonse ndi dzina la mzere wopingasa. Pamene kolamu ndi mzere zakumana pali kabokosi, ndipo dzina lake limayamba ndi chilembo, nambala pambuyo: `C9` ndi kolamu C, mzere 9. Mukafuna kutchula chigawo chonse mumalemba kabokosi ka pakona ya kumtunda kumanzere ndi ka pakona ya kumunsi kumanja, pakati n'kuika timadontho tiwiri, monga `A2:C40`. Ngati chigawocho chili patsamba lina, dzina la tsambalo limatsogola: `Mitengo!A2:C40`.

Apa ndi pamene ambiri amasocheretsa wowathandiza. Amati "mzere wachitatu" akutanthauza katundu wachitatu pamndandanda, pomwe mitu ya makolamu inatenga kale mzere 1, ndiye kuti katunduyo ali pamzere 4. Ena amati "kolamu ya mitengo" osatchula chilembo chake, chikhalirecho fomula imadziwa zilembo zokha. Zili ngati kulondolera mlendo kuti "nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mango" m'mudzi woti khomo lililonse lili ndi mango. Werengani nambala imene yalembedwa m'mbalimo, osati kuwerenga mizere ndi chala. Mukaona manambalawo akudumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 14 kufika pa 22, dziwani kuti pali mizere yobisika kapena yosefedwa, ndipo zimenezo muzinenenso.

Tiyerekeze ndi sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi. Kalaliki wake ali ndi masamba awiri. Loyamba analitcha `Mitengo`, momwe muli katundu yense ndi mtengo wake. Lachiwiri ndi `Malonda`, momwe amalemba zimene zagulitsidwa. Mwezi ukutha, akufuna kudziwa ndalama zonse, koma kabokosi kophatikiza ka pansi kakulemba `#N/A`. Bwana akudikira. M'malo motumiza chithunzi, kalalikiyu atha kulemba chonchi:

"Ndikugwiritsa ntchito Excel pakompyuta. Patsamba la `Mitengo`, mitu ili pamzere 1. Kolamu A ndi nambala ya katundu, B ndi dzina lake, C ndi mtengo. Katundu akuyambira pamzere 2 mpaka 40, manambala ake 101 mpaka 139 motsatana. Patsamba la `Malonda`, mitu ilinso pamzere 1. A ndi nambala ya katundu, B ndi kuchuluka kwa zogulitsidwa, C ndi mtengo wotengedwa ndi fomula, D ndi B kuchulukitsa ndi C. Malonda akuyambira pamzere 2 mpaka 120. Fomula ndinailemba mu `C2` n'kuikokera pansi. Mu `C9` ndimayembekezera 8500 koma mukutuluka `#N/A`."

Pansi pake aike mizere ingapo monga ilili, yabwino ndi yokana yomwe, chilichonse cholekanitsidwa ndi kamzere koimirira:

```
mzere | A   | B | C
2     | 105 | 3 | 12000
3     | 112 | 1 | 4500
9     | 103 | 2 | #N/A
```

Chotsala ndi fomula yeniyeniyo. Musailembe kuchokera m'mutu, chifukwa mutu umakonza zolakwika mwakachetechete. Dinani kabokosiko, pitani pamalo a pamwamba pomwe fomula imaonekera, ikopereni yonse, muimate mu uthenga. Ndipo musatumize ya kabokosi koyamba kokha. Tumizani ya kabokosi komwe kakugwira ntchito ndi ya komwe kakukana. Kalaliki wathu akatero, zituluka izi, yoyamba ya `C2`, yachiwiri ya `C9`:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!A2:C40,3,FALSE)
=VLOOKUP(A9,Mitengo!A9:C47,3,FALSE)
```

Mafomula awiriwa akangoikidwa moyandikana, vuto laonekera lokha, mwina kalalikiyo asanatumize n'komwe uthengawo. `VLOOKUP` imatenga nambala ya katundu, n'kukaifufuza mukolamu yoyamba ya chigawo chimene mwaipatsa, ikaipeza imabweretsa zimene zili mukolamu yachitatu ya mzere womwewo. `FALSE` ya kumapetoyo imatanthauza kuti ipeze nambala yofanana ndendende. Koma mukakokera fomula pansi, mayina onse a timabokosi amatsika nayo. `A2` kusanduka `A9` ndi zimene timafuna. Chimene sitimafuna n'chakuti chigawo cha mitengo nacho chatsetsereka, tsopano chikuyambira pamzere 9. Katundu nambala 103 ali pamzere 4 wa `Mitengo`, pamwamba pa pomwe fomula yayambira kufufuza. Sikumupeza, ndiye ikulemba `#N/A`, kutanthauza kuti chofunidwacho palibe.

Vuto limeneli lili ndi chizindikiro chake, chomwe munthu angachinene m'mawu popanda chithunzi. Kumtunda zinthu zimayenda bwino, zokana zimachuluka mukamatsika, ndipo nambala ya katundu imene inagwira pamwamba imadzakana pansi. M'tebulo la sitoloyi, kuyambira pamzere 41 mpaka 120 palibe kabokosi ngakhale kamodzi kamene kangatulutse mtengo, chifukwa fomula ikufufuza m'mizere yopanda kanthu. Mankhwala ake ndi kukhomerera chigawocho ndi chizindikiro cha `$`, chomwe chimaletsa chilembo kapena nambala kusuntha. Mu Excel, mukasankha chigawocho mkati mwa fomula n'kudina `F4`, zizindikirozo zimalowa zokha. Konzani `C2`, mukokerenso pansi:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!$A$2:$C$40,3,FALSE)
```

Onani kuti kalalikiyu anayamba kudandaula ndi kabokosi kophatikiza ka pansi, koma kameneko kanalibe mlandu. `SUM` ikakumana ndi kabokosi kamodzi kokha kolakwika, nayo imatulutsa cholakwika chomwecho. D anatengera kwa C, ndipo chiphatikizo chinatengera kwa D. Choncho polongosola, kwerani nalo vutolo mpaka mupeze kabokosi koyamba kukana, mutchule kameneko.

Tinene kuti wakonza, zonse zayera, kupatula katundu nambala 127, yemwe akukana paliponse pomwe walembedwa. Uyu ndi matenda ena, ndipo apa ndi pamene chithunzi chimagonjeratu. Pagalasi, 127 wa patsamba la `Malonda` ndi 127 wa pa `Mitengo!A28` akuoneka ofanana. Koma kwa Excel, kabokosi kangasunge 127 ngati nambala yowerengera kapena ngati mawu chabe, ndipo `VLOOKUP` siona ziwirizi ngati chinthu chimodzi. Zimachitika kawirikawiri manambala akakoperedwa kuchokera mu uthenga kapena mupulogalamu ina. Ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi pomwe mawu amatsamira kumanzere, ndipo nthawi zambiri Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona. Komabe maso amanama. Funsani tebulo lenilenilo polemba izi m'timabokosi topanda kanthu:

```
=ISNUMBER(Mitengo!A28)
=LEN(Mitengo!A28)
```

Yoyamba ikayankha `FALSE`, ndiye kuti 127 ameneyo ndi mawu. Yachiwiri imawerenga zilembo za m'kabokosi. Ikayankha 4 pomwe inu mukuona zitatu, pali mpata wosaoneka womwe unalowa pokopera. Mayankho awiriwa muwaike mu uthenga wanu, pakuti ndi ofunika kuposa chithunzi chilichonse. Kukonza kwake n'kosavuta: sinthani mtundu wa kabokosiko ukhale `General`, kenako mulembenso 127 ndi dzanja. Kusintha mtundu kokha osalembanso sikuthandiza, ndipo ambiri amakodwa pamenepa.

Padzapezeka wina wokulangizani kuti mungokuta fomulayo ndi `IFERROR` kuti pokana pazilembedwa 0. Pa nkhani ya ndalama, malangizo amenewo akaneni. Tebulo lidzaoneka laukhondo, chiphatikizo chidzatuluka, koma malonda onse a katundu 127 adzawerengedwa ngati aulere, ndipo ndalama za m'kabati zikadzasiyana ndi za m'buku, wofunsidwa adzakhala kalaliki yemweyo. `#N/A` ndi yonyansa m'maso, koma ikunena zoona.

Pali kanthu kenanso koyenera kutchula ngati wokuthandizani ali kutali. Makompyuta sagwiritsa ntchito zizindikiro zofanana. Amene anatcheredwa motsatira kalembedwe ka ku South Africa kapena ka Chipwitikizi, monga ambiri a ku Mozambique, amalekanitsa zigawo za fomula ndi `;` m'malo mwa `,`. Mu Excel ya Chipwitikizi ngakhale dzina limasintha, `VLOOKUP` imakhala `PROCV`. M'bale wanu wa ku Joni kapena ku Tete angakutumizireni fomula yolondola, inu n'kuimata, Excel n'kuikana. Akaona fomula yanu yokopera monga ilili, adzadziwa yekha chizindikiro choti agwiritse ntchito. Nenaninso ngati muli pa Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc, komanso ngati ndi pafoni kapena pakompyuta. `XLOOKUP`, mwachitsanzo, mulibe mu Excel 2016 ndi 2019, ndiye wina angakupatseni yankho labwino lomwe kompyuta yanu siingalimve.

Mizere yachitsanzo isachuluke. Itatu kapena isanu yakwana, bola pakhale wogwira ndi wokana. Ngati tebulo lanu lili ndi mayina a anthu, manambala a foni, malipiro kapena ngongole za mamembala a banki mkhonde, sinthani mayinawo musanatumize. Koma kabokosi kamene kakukanako musakakhudze, kakopereni monga kalili, chifukwa mukakalembanso ndi dzanja mufufuta mpata wobisika uja, womwe wokuthandizaniyo amayenera kuupeza.