Kuwerenga mitengo ndi waya wa mpanda pachithunzi

Aphunzitsi, onetsani ana chithunzi cha dimba la mpanda wa waya, mitengo yake yotalikirana mamita 3. Asayeze ndi rula, chifukwa pachithunzi mipata yakutali imaoneka yopanikizana. Angowerenga mipatayo.

Tinene kuti m'litali mukuoneka mitengo 11. Mipata yake ndi 10, ndiye mamita 30, osati 33. M'lifupi muli mitengo 7, mipata 6, mamita 18. Ngati mbali zoyang'anizana n'zofanana, kuzungulira dimba lonse ndi mamita 96, ndipo 96 ÷ 3 ikupereka mitengo 32. Mwana akapeza 36, dziwani kuti wawerenga kawiri mitengo inayi ya m'makona.

Waya wa mizere inayi ufunika mamita 384, kuwonjezerapo pang'ono womangira m'makonamo.